Buku likuti K48,350, banki ikuti K54,915: mmene mungagwirizanitsire ziwirizi

Titenge chitsanzo cha shopu yogulitsa zomangira nyumba ku Kamwala: simenti, malata, misomali, penti. Mwezi wa Juni watha. Wolemba mabuku watseka buku la ndalama, ndipo mbali ya ku banki ikusonyeza kuti pa 30 Juni mwatsala K48,350. Sitetimenti yochokera ku banki yafika, ikuti K54,915. Pasiyana K6,565.

Eni shopu ambiri akaona chonchi amakondwa, poti yochuluka ndi ya ku banki, nkuyamba kuganiza zoitanitsa katundu wina. Ikakhala kuti yochepa ndi ya ku banki, diso limagwera mnyamata amene amatumidwa kukasiya ndalama. Zonse ziwiri nkufulumira. Manambala awiriwa sayenera kufanana pa tsiku lotseka mwezi, ndipo mu chitsanzo chathuchi palibe ngakhale imodzi mwa iwo imene ikunena ndalama zenizeni za shopu. Ndalama zenizeni ndi nambala yachitatu, imene tiipeze pamodzi.

Chimene chimawasiyanitsa nchakuti mabuku awiriwa amalembedwa ndi anthu awiri, aliyense pa nthawi yake. Pali zinthu zimene banki ikudziwa inu simunazidziwe: ndalama zimene yadula, makasitomala amene alipira molunjika mu akaunti, cheke chimene chabwezedwa. Pali zina zimene inu mukudziwa banki isanazione: ndalama zimene zili m'njira, cheke chimene mwapereka koma mwini wake sanapite nacho. Ndiye pali zolakwika, zanu ndi za banki. Ntchito yonse yagona pa kusasakaniza magulu amenewa. Zimene banki ikudziwa zimalowa m'buku lanu. Zimene banki sinazione m'buku muli kale, simuzikhudza ayi, zimangolembedwa papepala lapadera. Amene wagwira bwino mfundo imeneyi, zotsalazo ndi kuleza mtima chabe.

Musanayambe

Ikani patebulo buku la ndalama, sitetimenti ya mwezi wonse kuyambira pa 1 mpaka pa 30, masilipi osiyira ndalama ku banki, zitsa za macheke, malisiti, timapepala ta makina olipirira ndi khadi, ndi pepala logwirizanitsa la mwezi watha, lapadera lija lolembapo zimene banki idali isanazione. Lomalizali ambiri amaliiwala, pamene ndi lofunika kuposa onse.

Onetsetsani kuti sitetimenti ndi yathunthu. Ndalama zoyambira pa tsamba loyamba zifanane ndi zotsekera pa sitetimenti ya Meyi, ndipo masamba atsatane bwino. Musagwiritse ntchito nambala imene imaoneka pafoni lero. Iyo ikunena za lero, ife tikufuna za pa 30 Juni.

Pali chinthu china chosokoneza ongoyamba kumene. M'buku lanu ndalama zolowa zili kumanzere, mbali ya debiti, zotuluka zili kumanja, mbali ya kirediti. Pa sitetimenti zatembenuka: zolowa zili pansi pa Cr, zotuluka pansi pa Dr. Banki sinalakwitse. Iyo ikulemba monga munthu amene ali ndi ngongole kwa inu, chifukwa ndalama zimene mwasungitsa ndi zanu, iyo iyenera kukubwezerani. Choncho debiti ya m'buku lanu muifunefune pa kirediti ya sitetimenti. Ndipo mukaona Dr pambali pa ndalama zotsala pa sitetimenti, dziwani kuti akaunti yapitirira, ndinu amene muli ndi ngongole ku banki.

Yambani ndi za mwezi watha

Pepala la Meyi la shopu yathu likusonyeza macheke awiri amene anali asanafike ku banki: 000398 cha K2,300 ndi 000401 cha K4,000. Afunefuneni pa sitetimenti ya Juni. Cheke 000401 chikuoneka pa 4 Juni, chatuluka. Chongani pa sitetimenti ndi pa pepala la Meyi, basi. Musachilembenso m'buku la Juni, chidalembedwa kale mu Meyi tsiku limene chidaperekedwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amaona K4,000 pa sitetimenti, amaifuna m'masamba a Juni osaipeza, nkuilemba ngati chinthu chatsopano. Akatero alipira kawiri m'buku, ndipo kusiyana kwa K4,000 kumawazunguza mutu mpaka usiku.

Cheke 000398 sichikuoneka. Chikadali panjira, choncho chilowanso pa pepala la Juni.

Kuchonga

Tsopano yendani mzere ndi mzere. Ine ndimayambira pa sitetimenti kupita ku buku, zolowa zonse kaye, kenako zotuluka, chifukwa kusakaniza mbali ziwirizi kumatopetsa maso. Mukapeza chinthu mbali zonse ziwiri, ikani chizindikiro konsekonse ndi pensulo. Yang'anani zinthu zitatu: kuchuluka kwa ndalama mpaka ngwee, tsiku, ndi nambala ya cheke kapena dzina la wolipira. Kuchuluka kokha sikukwanira. Shopu imene imagulitsa matumba khumi a simenti kangapo pa sabata imakhala ndi malipiro ambiri ofanana, ndipo nkosavuta kuchonga malipiro a munthu wina pa dzina la mnzake.

Nthawi zina mzere umodzi wa pa sitetimenti umaimira mizere ingapo ya m'buku. Malisiti atatu a Lolemba, K2,000, K3,500 ndi K1,200, adapita ku banki pa silipi imodzi ya K6,700. Silipi ndi imene ikuuzeni zimenezi, nchifukwa chake iyenera kukhala pafupi. Ngati mukulemba pa kompyuta, njira ndi yomweyi: onjezani danga loikamo chizindikiro, kenako sefani kuti patsale mizere yopanda chizindikiro.

Mukamaliza, zotsala zosachongedwa ndizo ntchito yathu. Mu shopu yathu, pa sitetimenti patsala izi: K12,000 yolowa pa 27 Juni, zodula za banki zokwana K385, K1,800 yotuluka yolembedwa DDACC, K5,500 yotuluka yokhala ndi zilembo R/D, ndi K1,250 yotuluka imene palibe akuidziwa. Palinso malo amodzi pamene buku likuti K9,000 koma banki ikuti K8,820. M'buku mwatsala K14,200 yolowa pa 30 Juni, cheke 000412 cha K9,750, ndi K6,100 yotumizidwa pa 30 Juni.

Konzani buku lanu kaye

Chilichonse cha pa sitetimenti muchifunse funso limodzi: kodi ichi nchoona, ndipo nchathu? Ngati inde, chilowe m'buku. Koma musalembe popanda umboni.

K12,000 ija yabwera ndi dzina lodulidwa pakati, monga amachitira masitetimenti. Atafufuza m'buku la angongole, wapezeka kuti ndi womanga nyumba wina wa ku Chalala amene adatenga malata pa ngongole, adatumiza ndalama kuchokera ku banki yake osauza munthu. Lembani K12,000 mbali yolowa, ndipo muchotsenso pa ngongole yake, kuopa kukamulonjerera munthu amene adalipira kale. Zikadakhala kuti mwini ndalamazo sanadziwike, mukadazilembabe m'buku, poti zili mu akaunti ndithu, koma mbali inayo mukadaziika pa akaunti yongosungira zosadziwika mpaka mwini wake apezeke. Musaziwerengere ngati malonda. Anthu amalakwitsa manambala a akaunti, ndipo tsiku lina banki idzabwera kudzazitenga.

K385 ndi zodula za banki: K150 ya pamwezi yosungira akaunti, ndi K235 ya zotumizatumiza. Izi zilowe mbali yotuluka. Ndikupemphani kuti muziziwerenga ndithu, osangozikopera. Banki iliyonse ili ndi mndandanda wa mitengo yake, ndipo muli ndi ufulu wofunsa chimene mwadulidwira.

K1,800 ya DDACC ndi inshuwalansi ya galimoto ya shopu. Mwini shopu adasaina chilolezo kalekale kuti kampaniyo izidzitengera yokha mwezi ndi mwezi. Palibe cheke, palibe lisiti, ndiye wolemba mabuku sadaione. Ilowe mbali yotuluka. Zinthu zotere, popeza zimabwera mwezi uliwonse pa tsiku lodziwika, ndi bwino kuzilemba pa kalendala kuti zizilowa m'buku pa nthawi yake.

K5,500 ya R/D ndi cheke cha kasitomala chimene chabwezedwa, kawirikawiri chifukwa mu akaunti yake mudalibe ndalama zokwanira. Pa sitetimenti chikuoneka kawiri: chidalowa pa 18 Juni, ndipo mudachichonga bwinobwino, kenako chidatuluka pa 20. Musafufute mzere woyamba uja. Lembani mzere watsopano mbali yotuluka, K5,500, ndipo ngongole ya kasitomalayo ibwerere mmene idalili. Muimbireni lero lomwe. Ngongole yotere ikagona mwezi, kuitola kumavuta.

Za K9,000 ndi K8,820 zimafuna kudekha pang'ono, chifukwa masiku ano zikuchuluka. Pa 14 Juni makasitomala adalipira ndi makhadi zokwana K9,000, ndipo buku lidalemba zonse. Banki idayamba yachotsa gawo lake, K180, nkuika K8,820. Malonda ndi K9,000 ndithu, musawachepetse. Lembani K180 mbali yotuluka ngati mtengo wogwiritsa ntchito makinawo. Mabanki ena amaika ndalama zonse nkudula gawo lawo pamodzi kumapeto kwa mwezi, ena amadula tsiku ndi tsiku. Dziwani mmene yanu imachitira, apo ayi tsiku lililonse la malonda a khadi lizikusiyirani kachidutswa kosadziwika.

Yatsala K1,250. Palibe lisiti, palibe chitsa cha cheke, mwini shopu sakuidziwa, nambala imene ili pambali pake si ya macheke a shopu ino. Atafunsa ku nthambi, avomera kuti ndi malipiro a akaunti ina amene adagwera kuno molakwika. Imeneyi isalowe m'buku. Buku lanu silinalakwe, ndiye mulikonzerenji? Lembani kalata ku banki, sungani kope lake, ndipo K1,250 ikaonekere pa pepala logwirizanitsa kufikira banki itaibweza.

Buku tsopano layenda motere:

Zotsala poyamba: K48,350
Kuonjeza malipiro a womanga nyumba: K12,000
Pamodzi: K60,350
Kuchotsa zodula za banki: K385
Kuchotsa inshuwalansi: K1,800
Kuchotsa cheke chobwezedwa: K5,500
Kuchotsa gawo la banki pa makhadi: K180
Zotsala zatsopano: K52,485

Zimene zili m'njira

Titembenukire ku mizere ya m'buku imene banki sinaione. Pano sitisintha kanthu, koma chilichonse tichitsimikize.

K14,200 ndi malonda a pa 30 Juni. Ndalamazo zidawerengedwa madzulo, zidalembedwa m'buku, koma zidafika pa kauntala ya banki mmawa wa pa 1 Julayi. Umboni wake ndi silipi yodindidwa pa 1 Julayi, ndipo mukayang'ana akaunti lero muyenera kuiona italowa. Musavomere mawu akuti "zili m'njira" popanda kuona zimenezi ndi maso anu. Kuchokera ku Kamwala kukafika ku Cairo Road ndi ulendo wa mphindi zochepa. Ndalama za m'manja zimene buku likuti zidapita ku banki pa 22 koma pa 30 sizinaoneke sizili m'njira ayi, zili m'thumba mwa munthu.

Ndikhalitse pang'ono apa, chifukwa ndi pamene mabizinesi ang'onoang'ono amafera mwakachetechete. Wakuba wochenjera satenga ndalama nkuzisowetsa. Amatenga za Lolemba, nkubweza dzenjelo ndi za Lachitatu, za Lachitatu nkuzikwirira ndi za Lachisanu. Silipi iliyonse imapezeka, ndalama zake zimafanana ndi za m'buku, chosiyana ndi masiku okha. Poyamba zimachedwa tsiku limodzi, kenako atatu, kenako sabata. Munthu amene amachonga poyang'ana kuchuluka kwa ndalama kokha sangaone kanthu. Nchifukwa chake ndidati muziyang'ana tsiku. Nchifukwa chakenso amene amalandira ndalama ndi kupita nazo ku banki asakhale yemweyo wogwirizanitsa mabuku. Ndikudziwa kuti m'mashopu ambiri a mu Lusaka wogwira ndalama ndi mphwanu kapena mlamu, ndipo kumufunsa kumaoneka ngati kumunyoza. Koma pepala lochitidwa bwino limamuteteza iyenso, chifukwa tsiku limene ndalama zidzasowe, ndi pepalalo lidzamuyeretse.

Cheke 000412 cha K9,750 chidaperekedwa kwa wogulitsa malata pa 28 Juni. Iye sanapite nacho ku banki yake. Kwa inu ndalamazo zidapita kale, ngakhale zikuonekabe mu akaunti. Koma samalani: cheke chimawerengedwa kuti chili m'njira pokhapokha chitachoka m'manja mwanu. Chimene chidalembedwa nkusungidwa m'dirowa podikira kuti mu akaunti mulowe ndalama sichinalipire munthu. Chimenecho chibwezedwe m'buku, ngongole ikhale ngongole.

K6,100 idatumizidwa pa kompyuta madzulo a pa 30 Juni kupita kwa wonyamula katundu amene ali ku banki ina. Nthawi yotumizira ya tsikulo idali itadutsa, ndiye banki idaichotsa pa 1 Julayi. Banki Yaikulu ya Zambia idalengeza kale zothetsa macheke m'dziko muno, ndipo ena amaganiza kuti macheke akatha, kusiyana kwa masiku kuthanso. Sikutha. Kungofupika, kuchoka pa masabata kufika pa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka mwezi ukathera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa tchuthi. Lamulo la m'dirowa lija likugwiranso ntchito pano: malipiro amene adakonzedwa pa kompyuta koma wosaina wachiwiri sanawavomereze sanachoke.

Tsopano lembani pepala logwirizanitsa. Yambani ndi nambala ya banki, nkuifikitsa pamene ikadakhala banki ikadaona zonse zimene inu mukudziwa. Zimene zikubwera muonjeze, zimene zikutuluka muchotse, zimene banki idachotsa molakwika mubwezere.

Zotsala pa sitetimenti pa 30 Juni: K54,915
Kuonjeza malonda a pa 30 Juni amene sanalowe: K14,200
Kuonjeza zimene banki idachotsa molakwika: K1,250
Pamodzi: K70,365
Kuchotsa cheke 000398: K2,300
Kuchotsa cheke 000412: K9,750
Kuchotsa zotumizidwa pa 30 Juni: K6,100
Zotsala: K52,215

Buku likuti K52,485. Pepala likuti K52,215. Patsala K270.

Zikakana kufanana

Apa pamabwera chiyeso. Nthawi yatha, K270 ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama zimene zadutsa mu akaunti, ndipo dzanja limafuna kulemba "zina ndi zina, K270" kuti zithe. Chonde musatero. K270 ikhoza kukhala cholakwika chimodzi chaching'ono, ikhozanso kukhala K10,000 yolowa ndi K10,270 yotuluka zimene zabisana. Simungadziwe musanaipeze. Taonani mmene K6,565 ya poyamba ija idabisira zinthu zoposa khumi, zina zokwera zina zotsika.

Nambala yotsalayo imalankhula, mukadziwa kuifunsa. Choyamba, ifunefuneni yokha mmene ilili, K270, pa sitetimenti, m'buku ndi pa pepala la mwezi watha. Mwina ndi chinthu chimodzi chimene chadumphidwa. Kenako igaweni pakati, K135, nkufunanso imeneyo. Chinthu chikalembedwa mbali yolakwika, kapena chikaonjezedwa mmalo mochotsedwa, kusiyana kumakhala kowirikiza kawiri. Mukadalemba K385 ya zodula ija mbali yolowa, mukadatsala ndi K770.

Zikakanika izi, gawani ndi 9. Ngati ikugawika popanda chotsala, kawirikawiri manambala awiri asinthana malo polemba. K270 kugawa ndi 9 ndi 30, yagawika. Ndipo 30 ameneyu akutiuza zambiri: 3 akusonyeza kuti manambala osinthanawo amasiyana ndi 3, monga 6 ndi 3 kapena 7 ndi 4, ndipo 0 mmodzi akusonyeza kuti ali pa malo a makumi ndi mazana. Ndiye simufunikanso kubwereza mwezi wonse. Yendani m'mizere mukuyang'ana malo awiri okhawo. Pa 11 Juni pali malipiro a simenti: sitetimenti ikuti K7,630, buku likuti K7,360, ndipo onse awiri ali ndi chizindikiro cha pensulo. Diso lidaona 7, 6, 3 ndi 0 mbali zonse nkukhutira. Invoisi ya wogulitsa simenti ikuti K7,630, choncho wolondola ndi banki. Buku lidalemba zotuluka zochepa ndi K270.

Kugawika ndi 9 kumagwiranso nambala imene yataya kapena kuonjeza ziro. K450 ikalembedwa K4,500, kusiyana ndi K4,050, ndipo mukagawa ndi 9 mupeza 450 yemweyo. Koma njira imeneyi imathandiza pamene cholakwika chatsala chimodzi. Zikakhala ziwiri kapena zitatu, zimasokonezana, ndipo palibe chidule: werengeraninso mizere yonse ya m'buku tsamba ndi tsamba, onani ngati zotsala pansi pa tsamba zidasamutsidwa bwino pamwamba pa tsamba lotsatira, ndipo ngati mwezi ndi wautali, ugaweni masabata, mupeze sabata limene kusiyana kudayambira.

Pokonza, musafute ndi utoto woyera kapena kulemba pamwamba. Lembani mzere watsopano wa K270 mbali yotuluka, ndi mawu ofotokoza kuti ukukonza malipiro a pa 11 Juni, ndipo mukonzenso akaunti ya wogulitsa simenti. K52,485 kuchotsa K270 ndi K52,215. Zafanana.

K52,215 ndiyo ndalama zenizeni za shopu pa 30 Juni. Ndi imene iyambire buku la Julayi, ndi imenenso ikalowe m'malipoti a chuma. Mwini shopu akadadalira K54,915 ya pa sitetimenti, akadawerengera ndalama zimene zidalonjezedwa kale kwa anthu atatu.

Akaunti ikakhala kuti yapitirira, njira ndi yomweyi, koma nambala ya banki muiyambe ndi chizindikiro chochotsera. Sitetimenti ikati K3,000 Dr, ndipo pali K5,000 yolowa ili m'njira ndi K1,500 yotuluka ili m'njira, ndiye kuti -3,000 + 5,000 - 1,500, zotsatira zake ndi K500 yanu. Ambiri amasokonezeka poyesa kuloweza pamtima kuti pa ngongole zoonjeza zimasanduka zochotsa. Ingoikani chizindikirocho, masamu adziyendera okha.

Za ndalama za pafoni

Mashopu ambiri amalandira malipiro pa Airtel Money ndi MTN MoMo. Musasakanize ndalama zimenezi ndi za ku banki m'danga limodzi. Nambala iliyonse ya pafoni ikhale ndi danga lake m'buku, ndipo igwirizanitsidwe ndi sitetimenti yake, monga mmene tachitira apa. Mukasamutsa ndalama kuchoka pafoni kupita ku banki, si malonda atsopano: zituluke m'danga la pafoni, zilowe m'danga la banki, zodula zake zilembedwe pazokha. Ndipo chithunzi chimene kasitomala watumiza pa WhatsApp chosonyeza kuti walipira si ndalama. Lembani m'buku pokhapokha mutaona kuti zalowa mu akaunti yanu. Zithunzi zabodza zilipo, ndipo shopu imene imalemba malipiro potengera chithunzi imadzazindikira kumapeto kwa mwezi, malata atakhomedwa kale padenga la munthu.

Pepala likatha

Lembani tsiku, sainani, ndipo wina amene sanalikonze, mwini shopu kapena msungichuma ngati ndi mpingo kapena bungwe, aliwerenge nkusainanso. Iyeyo asangoyang'ana kuti manambala a pansi afanana. Atenge sitetimenti yeniyeni, makamaka imene wadzitengera yekha ku banki, aone kuti K54,915 ilipodi, kenako afunse umboni wa chinthu chilichonse chimene chili pamndandanda. Mangani pamodzi pepalalo, sitetimenti ndi makalata opita ku banki. A ZRA amafuna kuti mabuku a bizinesi asungidwe zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akabwera, sitetimenti ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene amayerekeza ndi malonda amene mudalengeza.

Mu sabata yoyamba ya Julayi bwererani ku mndandanda uja. K14,200 ndi K6,100 ziyenera kuoneka pa 1 Julayi. K1,250 muilondole mpaka ibwerere, ndipo ikabwerera ichongedwe ndi pepala la Juni, isalowe m'buku ngati ndalama yatsopano. Cheke 000398 chakhala panja kuyambira Meyi, ndiye muimbireni mwini wake mumve ngati chidatayika. Cheke chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi banki sichilandira. Zikafika pamenepo, kapena akakuuzani kuti chidasowa, uzani banki ichiimitse, lembani K2,300 mbali yolowa m'buku, ndipo mubwezeretse ngongoleyo pa dzina la mwini wake, chifukwa iye sanalandirebe ndalama zake. Mukamulipira mwa njira ina, amenewo ndi malipiro atsopano, a tsiku lawo ndi nambala yawo.

Ngati mu akaunti mumadutsa malipiro ambiri pa tsiku, musadikire kutha kwa mwezi. Tengani sitetimenti Lachisanu lililonse muchonge za sabatalo, pamene wogulitsa pa kauntala akukumbukirabe kuti K1,200 ya Lachiwiri adabweretsa ndani.